Kuyeza kaganizidwe ka munthu wa HIV pa kiliniki ya ma ARV: kachitidwe kake ndi kuwerenga malikisi

Funso limodzi likubwerabwera kuchokera kwa anamwino, makilinisha ndi alangizi a zaumoyo a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje: "Wodwala wanga akuiwalaiwala, akudumphitsa masiku otengera mankhwala, ndiye ndidziwa bwanji ngati kachilombo kafika ku ubongo?" Yankho lake ndalilemba pano kamodzi. Kuyezako ndi kwa mphindi zosapitirira zisanu, ndipo pamafunika wotchi ndi tebulo basi. Ntchito yovuta imayamba mukapeza malikisi, choncho sitepe 6 ndi 7 ndi zimene ndazitalikitsa.

Choyamba mudziwe chimene mukusaka. HIV imalowa mu ubongo m'masabata oyambirira munthu atangoitenga, itabisala m'maselo oyera a m'magazi amene amadutsa kupita kumeneko. Maselo enieni oganizira siiwalowa. Imakhala m'maselo amene ntchito yawo ndi kuteteza ndi kuyeretsa ubongo, ndipo maselowo akakwiya amatulutsa zinthu zotupitsa zimene zimawononga mitsempha yoyandikana nawo pang'onopang'ono. Mbali zimene zimavulala kwambiri ndi zamkati, zoyendetsa liwiro la maganizo ndi la manja. N'chifukwa chake munthu wotere sayamba ndi kuiwala mayina a ana ake. Amayamba ndi kuchedwa: kuchedwa kuyankha, kuchedwa kuwerenga chenje, kutaya nkhani ili pakati, kugwetsa zinthu, kuyenda ngati miyendo yalemera. Ena amangoti zii, osafunanso kucheza, ndipo kunyumba amati wayamba ulesi kapena mwano.

Chiyambire 2007 madokotala amagawa vutoli patatu. Pali amene amalephera pa mayeso okha koma ntchito zawo zikuyenda, pali amene ntchito za tsiku ndi tsiku zayamba kuwavuta pang'ono, ndipo pali amene sangathenso kudzisamalira. Gulu lomalizali linali lofala ma ARV asanabwere. Lero limapezeka makamaka mwa amene anayamba mankhwala mochedwa CD4, muyeso wa chitetezo cha m'thupi, itatsika pansi pa 200, kapena amene anasiya mankhwala nthawi yaitali.

1. Yang'anani ngati ndi wodwala mwadzidzidzi. Akatero, musayeze, thamangani naye.

Funsani gadiyani, kutanthauza wachibale amene amaperekeza wodwala: "Kodi zayamba liti?" Vuto la HIV mu ubongo limakwawa kwa miyezi. Ngati yankho ndi lakuti dzana, kapena sabata yatha, ganizani zina. Mutu wopweteka wosasiya, kutentha thupi, khosi louma, kusanza, kukomoka, kugona tulo tosadzutsika, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka: chilichonse mwa izi chikutanthauza kuti munthuyu akufunika kuonedwa ndi kilinisha lero lomwe. Kuno kuchigwa yezani malungo ndi shuga pomwepo, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala musaiwale kuti munthu amene wayenda mtunda padzuwa osamwa madzi amatha kubalalika mutu. Kumupatsa mayeso a zala munthu amene ali ndi matenda oumitsa khosi ndi kutaya nthawi imene alibe.

2. Konzani malo.

Musayezere pabenchi anthu ali pamzere. Wodwala amachita manyazi, ndiponso otsatira amamva mawu anayi aja n'kuwaloweza asanalowe. Mukhazikeni pansi, apume, amwe madzi. Mufunseni chilankhulo chimene amamasuka nacho. Ambiri ku Nsanje, Bangula ndi Makhanga amamva Chichewa bwinobwino koma mutu wawo umayenda m'Chisena, ndipo mukawayeza m'chilankhulo chachiwiri mumawadula malikisi popanda chifukwa. Ngati inu Chisena simuchidziwa, itanani mnzanu wa pantchito amene amachidziwa. Gadiyani asamasulire, chifukwa amathandizira mayankho osadziwa kuti akutero.

Mawu oyambira akhale osaopsa: "Mayi, tichita timasewera titatu ta manja ndi kukumbukira. Si mayeso a kusukulu, ndipo palibe amene akukanizeni mankhwala chifukwa cha zimenezi." Mawu oti misala asatuluke pakamwa panu.

3. Funsani mafunso atatu.

Kodi mumaiwalaiwala pafupipafupi, monga tsiku lobwera kuno kapena uthenga umene mwatumidwa? Kodi mukuona kuti mukuchedwa poganiza kapena pokonza zochita kusiyana ndi kale? Kodi zimakuvutani kutsatira nkhani, monga ulaliki kapena pulogalamu ya pa wailesi, mpaka kumapeto?

Mukatha, funsani gadiyani mafunso omwewo payekha. Amene vuto lake lakula nthawi zambiri amayankha kuti zonse zili bwino, chifukwa kuzindikira kuti wasintha nakonso kwapita. Amene amadandaula kwambiri za kuiwala, kawirikawiri ndi wa nkhawa ndi kukhumudwa. Mayankho awiriwa akasiyana, lembani onse.

4. Chitani mayeso a IHDS.

IHDS ndi mayeso achidule amene anasindikizidwa mu 2005 atayesedwa ku America ndi ku Uganda. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti safuna kulemba kapena kuwerenga. Malikisi onse ndi 12, zigawo zitatu za 4.

Yambani ndi kupereka mawu anayi: galu, chipewa, nyemba, chofiira. Tchulani liwu limodzi pa sekondi. Wodwala awabwereze pomwepo; akalephera, atchuleninso. Apa simupereka malikisi. Muuzeni kuti muwafunsanso posachedwa. Kwa wolankhula Chisena perekani mawuwo m'Chisena, ndipo akati mwanambwa m'malo mwa galu wakhoza.

Chigawo choyamba ndi liwiro la zala. Gwiritsani dzanja limene sadyera: lamanzere kwa ambiri, lamanja kwa wamanzere. Atsegule ndi kutseka chala chachikulu ndi chamkombaphala, motambasula kwambiri ndiponso mwachangu, kwa masekondi 5. Akagunditsa ka 15 kapena kuposa, malikisi 4. Ka 11 mpaka 14, malikisi 3. Ka 7 mpaka 10, malikisi 2. Ka 3 mpaka 6, 1. Kuchepera apo, 0. Ambiri amalakwitsa polola wodwala kungonjenjemeretsa zala osatsegula. Kutero aliyense amafika 15. Muonetseni kaye ndi dzanja lanu mmene zala ziyenera kutambasukira. Cholakwika china ndi kuyang'ana wotchi ndi zala nthawi imodzi. Tcherani foni kuti ilire yokha pa masekondi 5, maso anu akhale pa zala.

Chigawo chachiwiri ndi ndondomeko ya dzanja, pa dzanja lomwelo. Afumbate chibakera patebulo, kenako ayale chikhatho choyang'ana pansi, kenako aimike dzanja cham'mbali pa kachala kakang'ono ngati akudula nsima. Zitatuzi pamodzi ndi ulendo umodzi. Muonetseni, ayeserere kawiri, ndiyeno muwerenge maulendo olondola pa masekondi 10. Maulendo anayi ndi malikisi 4, atatu 3, awiri 2, umodzi 1, kulephera 0. Ulendo umene wadumpha chimodzi kapena wasokoneza ndondomeko suwerengedwa. Pa nthawi yowerenga, dzanja lanu likhale phee ndipo musamutchulire kuti "fumbatani, yalani". Mukatero mukuyeza kutsanzira, pamene chofunika ndi kuona ngati ubongo wake ukusunga ndondomekoyo wokha.

Chigawo chachitatu, funsani mawu anayi aja. Liwu lililonse limene wakumbukira yekha ndi 1. Limene waiwala, mupatseni chomukumbutsa: nyama ya pakhomo, chovala, ndiwo, mtundu wa chinthu. Akalipeza atakumbutsidwa, ndi theka. Musamupatse lembo loyamba la liwu, ndipo musagwedeze mutu akamayandikira.

Phatikizani. Malikisi 10 kapena ocheperapo akutanthauza kuti munthuyo afufuzidwe mopitirira.

5. Lembani zigawo, osati chiwerengero chokha.

M'buku la kuchipatala la wodwala lembani tsiku, dzanja limene mwayeza, chilankhulo, kalasi imene analekezera sukulu, ndi malikisi a chigawo chilichonse, mwachitsanzo 2 + 2 + 2.5 = 6.5. Amene adzamuone pakatha miyezi akufunika kudziwa pamene panagwa malikisi. Munthu amene wataya pa manja pokha ndi wosiyana ndi amene wataya pa kukumbukira pokha.

6. Musakhulupirire malikisi okha.

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "tumizani kwa dokotala" n'kusiya. Ku Uganda kuja, mayesowa anagwira anthu 80 mwa 100 alionse amene analidi ndi vuto, koma mwa anthu 100 opanda vuto anamasula 55 okha. Enawo 45 anawakola pachabe. Ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono, umakokera matemba ndi zinyalala zomwe. Mukayeza mzere wonse wa tsiku la kiliniki pa Ngabu kapena Nchalo, mupeza anthu ambiri a malikisi 9 ndi 10 amene akulima thonje lawo, kuweta mbuzi ndi kusunga mabanja popanda vuto lililonse. Kuwauza onsewo kuti ubongo wawo wawonongeka ndi kuwapweteka.

Yambani ndi dzanja lenilenilo. Wodula nzimbe wa zala zolimba ndi zipsera, agogo a nyamakazi, munthu amene anathyokapo mkono, amene manja achita dzanzi: onsewa ataya malikisi pa zigawo ziwiri zoyamba ubongo uli bwinobwino. Lembani zimenezo pambali pa malikisi. Amene sanapiteko kusukulu nayenso amachita mantha ndi chilichonse choyezedwa ndi wotchi, ndipo amakonda kuchita mosamala m'malo mwa mwachangu. Amene samva bwino sanawamve mawu anayi aja poyamba pomwe.

Chachiwiri, funsani za ntchito, ndipo funsani poyerekeza ndi munthu yemweyo chaka chatha. Funso loti "mumatha kudzisamalira?" aliyense amayankha kuti eya. Funsani zogwirika. Kodi chenje pamsika akuwerengabe yekha? Ndiwo zapserera pamoto kangati mwezi uno? Wasocherapo pa njira ya kudimba imene amaidziwa? Ngongole za kubanki mkhonde akuzitsatabe? Wakabaza akukumbukira kumene wauzidwa kukatsitsa munthu? Ndipo werengani mapiritsi otsala m'botolo. Malikisi otsika mwa munthu amene zonsezi zikumuyendera si matenda oti mumulembere. Muuzeni kuti mudzabwereza, ndipo mubwerezedi. Malikisi otsika pamodzi ndi ntchito zimene zagwa ndiye nkhani. Komanso mphunzitsi kapena kalaliki akhoza kupeza 11 pamene kuntchito zinthu zikumusokonekera; ameneyo musamubweze chifukwa chakuti wadutsa.

7. Sakani zoyambitsa zina musanaloze HIV.

Dzina loti vuto la HIV mu ubongo limaperekedwa pomaliza, zina zonse zitachotsedwa. Zinazo zambiri zimachizika msanga, choncho kuzidumpha ndi kulakwira wodwala.

Kukhumudwa ndi kumene kumanamiza kwambiri. Funsani mafunso awiri oyamba a PHQ-9, fomu yoyezera kukhumudwa: ngati m'masabata awiri apitawa wataya chidwi pa zimene ankakonda, ndiponso ngati wakhala wosweka mtima kapena wopanda chiyembekezo. Akavomera, malizani fomu yonse, kuphatikiza funso la maganizo ofuna kudzipha. Chizindikiro china mumachiona pa mayeso pomwe: wokhumudwa amafulumira kunena kuti "sindikudziwa", koma mukamukumbutsa amawapeza mawu. Kuchigwa kuno, kumene anthu anataya nyumba, ziweto ndi abale pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, funsoli musalidumphe.

Mowa: funsani kuchuluka, osati ngati amamwa. Kachasu wa tsiku ndi tsiku amachedwetsa maganizo ndi manja mofanana ndi HIV, ndipo amene wamwa usiku wathawu mayeso ake ndi opanda ntchito. Funsaninso za chamba.

Mankhwala: onani pa khadi lake kuti ali pa ati. Efavirenz, amene anali mu ma ARV a 5A, amadziwika ndi chizungulire, maloto oopsa ndi kusokoneza mutu. Ambiri tsopano ali pa 13A ya dolutegravir, amene kwa ena amasowetsa tulo, ndipo munthu wosagona amaiwala. Ngati akumwa usiku ndipo tulo tikuvuta, kusunthira kum'mawa kumathandiza. Amene ali pa isoniazid, woteteza kapena wochiza TB, muyang'aneni khungu la pakhosi, kunja kwa manja ndi mapazi. Likada ndi kukakala ngati lapsa pamalo owombedwa ndi dzuwa, makamaka pamodzi ndi kutsegula m'mimba, ganizani pelagira, matenda osowa vitamini B3 amene amagwira anthu odalira chimanga chokha popanda mtedza, nyemba kapena nsomba. Amasokoneza mutu, ndipo amachira akalandira vitaminiyo.

Magazi: yezani kuchuluka kwa magazi, shuga, chindoko ndi BP. Chindoko chakale chosachizidwa chimafika ku ubongo patapita zaka. Tengani vayirolodi, muyeso wa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ngakhale tsiku lake lisanakwane. Ngati ndi watsopano, wabwerera atasiya mankhwala, kapena vayirolodi yakwera, yezani CD4. Ikakhala pansi pa 200, pamafunika CrAg ya m'magazi yosaka kiripito, nkhungu imene imayambitsa matenda oumitsa khosi, ndi LAM ya mkodzo yosaka TB. CrAg ikapezeka, munthuyo akufunika kutengedwa madzi a pamsana kuchipatala cha boma. Chenjezo lalikulu: musayambitse kapena kuyambitsanso ma ARV mwa munthu wosokonezeka mutu musanatsimikize kuti alibe kiripito kapena TB ya mu ubongo. Pa kiripito ya mu ubongo ma ARV amadikira masabata 4 mpaka 6 chithandizo chitayamba, chifukwa chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi ubongo umatupa ndipo munthu akhoza kufa.

Tiyerekeze ndi mayi wa zaka 46, wogulitsa nsomba zouma, amene wabwera ndi mwana wake wamkazi. Anasiya mankhwala kwa miyezi isanu ndi itatu atasamuka chifukwa cha madzi osefukira, n'kuyambiranso chaka chatha, koma masiku awiri otengera mankhwala wadumphitsa. Mwana akuti kwa miyezi isanu amayi akhala akubweza chenje cholakwika, mpaka pamsika akupitako ndi mdzukulu. Mutu sukupweteka, thupi silikutentha, manja ndi abwino. Pa zala wagunditsa ka 9, malikisi 2. Pa ndondomeko wakwanitsa maulendo awiri, malikisi 2. Wakumbukira yekha galu ndi nyemba, chipewa wachipeza atakumbutsidwa, chofiira chasowa: 2.5. Zonse 6.5. Sakumwa mowa, mafunso a kukhumudwa wakana onse awiri ndipo mwana akuvomereza, chindoko palibe, magazi ndi okwanira. M'botolo mwatsala mapiritsi 19 pamene anayenera kutsala 4. CD4 ndi 140, CrAg ndi LAM sizinapeze kanthu, vayirolodi yabwera yoposa 1,000.

Apa zonse zikuloza kumodzi: zayamba pang'onopang'ono, liwiro lagwa, ntchito yagwa, kachilombo sikakuponderezedwa, ndipo zina zachotsedwa. Onaninso kuti mayiyu sakudumphitsa mankhwala chifukwa cha mwano. Kuiwala kukumudumphitsa mankhwala, kudumphitsako kukukweza kachilombo, kachilombo kakuwonjezera kuiwala. Kumukalipira pa uphungu sikungadule chingwe chimenechi, ndipo uphungu woperekedwa kwa iye yekha adzauiwala asanafike pa depoti.

Yerekezani ndi bambo wa zaka 52 wodula nzimbe, amene sanapiteko kusukulu. Wapeza 3, 3 ndi 4, zonse 10. Vayirolodi yake siikuoneka kwa zaka, mapiritsi akukwana, mkazi wake akuti palibe chasintha. Pa pepala onse awiri agwa pa mzere umodzi wa "10 kapena kuchepera". Bamboyu mungomulembera malikisi ake kuti adzakhale poyerekezera, apite kwawo ndi mtima uli m'malo.

8. Chitanipo kanthu.

Palibe piritsi lapadera la vutoli. Mankhwala ake ndi ma ARV omwedwa tsiku lililonse mpaka kachilombo kasiye kuoneka m'magazi, ndipo ambiri amene anali asanayambe kapena anasiya amasintha pakapita miyezi, ngakhale si onse amene amabwerera mwakale. Auzeni achibale zimenezi mosabisa, chifukwa akapanda kumva dzina la matenda kuchokera kwa inu akalipeza kwina, ndipo kawirikawiri limakhala loti walodzedwa.

Kwa mayi uja, botolo lisungidwe ndi mwana wake, ndipo aone ndi maso kuti piritsi lamezedwa. Nthawi yomwera imangirizidwe ku chinthu chimene sichiphonya, monga phala la m'mawa. Musamupatse mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi pakali pano. Abwere mwezi ndi mwezi, mapiritsi awerengedwe, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake adziwe tsiku lobwerera ngati mayiyo walola. Dzinja likayandikira, ngati akukhala kutsidya kwa Shire kumene misewu imaduka, konzani ndi gadiyani kuti mankhwala asathere m'manja. Vayirolodi ibwerezedwe pakatha miyezi itatu ya kumwa bwino. Ikakhalabe yokwera, tsatirani ndondomeko ya boma ya mankhwala amene akulephera. Auzeninso za moto, ndalama ndi mtsinje: asaphike yekha ngati wayamba kuiwala mphika, asapite yekha kukatunga madzi ku Shire.

Bwerezani IHDS pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, dzanja lomwelo, chilankhulo chomwecho. Ngati akuwakumbukirabe mawu akale, sinthani ndi ena a magulu omwewo, monga mbuzi, nsapato, therere, chakuda, ndipo lembani amene mwagwiritsa ntchito.

Tumizani kuchipatala cha boma, kumene angaganize zomupititsa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, munthu amene akuipiraipira pamene vayirolodi ya m'magazi siikuoneka, amene wayamba kukomoka, kufooka mbali imodzi, kulephera kusunga mkodzo kapena kusintha khalidwe mwadzidzidzi. Mwa anthu ochepa kachilombo kamachulukana m'madzi a mu ubongo pamene m'magazi kali ziii, ndipo zimenezo zimadziwika pokhapokha madzi a pamsana atayezedwa. Pa kalata yotumizira lembani malikisi a zigawo zonse zitatu ndi masiku ake, ntchito zimene zagwa, CD4 yotsikitsitsa imene anakhalapo nayo, mankhwala onse amene akumwa, ndi zimene mwayeza kale kuti asakayambirenso pachiyambi.